Malangizo: Kakonzedwe ka Vidiyo ya Zolakwa Zisanu za Madalaivala Atsopano, Kutsika pa Nambala 5 Mpaka 1

Mphwanga amaphunzitsa anthu galimoto ku Lilongwe. Tsiku lina anandionetsa vidiyo imene anajambula pa foni yake yonena za zolakwa zisanu za anthu amene angotenga kumene layisensi. Zonse zimene ananena zinali zoona, koma anaziyala mmene zinkabwerera m'mutu mwake: anayamba ndi ngozi yoopsa n'kumalizira pa kuiwala kutsitsa handibuleki. Munthu ukaonera mphindi yoyamba, china chodikira sichinkakhalaponso. Tinakhala pansi n'kuikonzanso, ndipo malangizo awa ndi ochokera pa ntchito imeneyo. Ndalembera aphunzitsi a galimoto ndiponso achinyamata amene amakonza mavidiyo a pa Facebook, TikTok, YouTube ndi WhatsApp.

1. Yambani mwasankha muyeso umodzi

Vidiyo yotsika kuchoka pa 5 kufika pa 1 imalonjeza woonera kuti chilichonse chobwera chiposa chimene chapita. Funso ndi lakuti chiposa pa chiyani. Mukapanda kuliyankha musanagwire kamera, manambala anu adzangokhala zokongoletsera.

Ambiri amayala potengera cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri. Vuto lake, chimene chimachitika kwambiri ndi kuzimitsa injini ponyamuka, ndiye pa nambala 1 pangakhale kanthu kongochititsa manyazi basi. Ena amayala potengera kuopsa, koma kuopsa n'kovuta kuyeza: aliyense ali ndi maliro ake amene akukumbukira, ndipo simudzagwirizana.

Muyeso umene ine ndimaukhulupirira ndi uwu: ukalakwitsa, umatsala ndi nthawi yaitali bwanji yoti ukonze? Cholakwa china chimakupatsa miyezi, china mphindi, china masekondi, ndipo china sichikupatsa kalikonse. Ubwino wa muyeso umenewu ndi wakuti nthawi imafupika pamene manambala akutsika, choncho woonera amamva yekha kuti zinthu zikuthina. Komanso umaphunzitsa dalaivala chinthu chimene adzapite nacho pamsewu ngakhale ataiwala zina zonse, chakuti kuyendetsa bwino n'kudzisungira nthawi.

Muyesowo muunene poyera m'masekondi 10 oyamba a vidiyo.

2. Tayani zimene si za dalaivala watsopano

Lembani zolakwa zonse zimene mukuzidziwa, ngakhale zifike khumi ndi zisanu, kenako muzisefe. Chotsala chikhale chimene munthu amachita chifukwa chosazolowera, chimene mungathe kuchionetsa ndi kamera popanda kuika moyo wa munthu pachiswe, komanso chimene chili ndi mankhwala ake oti woonera akayese mawa lomwe.

Pa chifukwa chimenechi, ife tinachotsamo kuyendetsa utaledzera, kugwira foni ndi kusamanga lamba. Zimenezi zimapha, ndipo sindikuzipeputsa ngakhale pang'ono. Koma amazichita ndi akale omwe, ndipo palibe amene sadziwa kuti n'zolakwa. Munthu amaledzera akudziwa. Vidiyo yanu ithandiza kwambiri pa zolakwa zimene mwini wake amaganiza kuti akuchita bwino. Zitatuzo zitchuleni m'chiganizo chimodzi koyambirira, kuti woonera adziwe kuti mwazisiya mwadala, ndipo mudzazikonzere vidiyo yakeyake.

3. Nambala 5 ikhale yoti aliyense adzionepo: phazi losachoka pa kilachi

Malo oyamba si a cholakwa chopanda ntchito. Ndi a cholakwa chimene woonera angavomere mosavuta kuti “zoona, ine ndimatero.” Akavomera kamodzi, amakhala pansi kumvetsera zinazo.

Dalaivala watsopano amaopa kuti injini izima, choncho amasiya phazi lamanzere litatsamira pa kilachi ngakhale galimoto ikuyenda. Pachitunda, m'malo mokoka handibuleki, amaimika galimoto ndi hafu kilachi. Mbale ya kilachi imakhala ikukhuzika, imatentha, n'kumatha pang'onopang'ono. Chizindikiro chake ndi fungo la chinthu chopserera, ndiponso pokwera mtunda injini imalira kwambiri koma liwiro osawonjezeka. Pamenepo kilachi yayamba kuterereka.

Musaiwale kuti ambiri masiku ano akuyendetsa tima Vitz, Passo ndi Sienta tochokera ku Japan, ndipo tambiri ndi ta otomatiki. Cholakwa chawo chofanana ndi ichi n'kuika phazi lamanzere pa buleki pamene lamanja likuponda moto. Mabuleki amatha msanga, ndipo magetsi ofiira akumbuyo amangoyaka nthawi zonse, moti wobwera pambuyo sadziwa kuti tsopano mukuimadi.

Jambulani mapazi okha, galimoto itaima. Apa munthu ali ndi miyezi yoti asinthe, ndipo wolangidwa ndi thumba lake. Masekondi 35 akwana.

4. Nambala 4: kutsetsereka ndi buleki yokha, kapena pa nyutulo

Amene anatsikapo Chiweta, kapena phiri la Thabwa popita ku Chikwawa, kapena msewu wokhotakhota wotsikira ku Golomoti, akudziwa kuti kutsika kumafuna luso kuposa kukwera. Dalaivala watsopano amasiya galimoto m'giya yaikulu n'kutsamira pa buleki kuyambira pamwamba. Wina anauzidwa ndi anzake kuti akaika pa N apulumutsa mafuta.

Fotokozani chimene chimachitika, chifukwa munthu akamvetsa saiwala. Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Ikapondedwa osapuma kwa mphindi zingapo, mapadi amatentha mpaka kuleka kugwira bwino, ndipo mafuta a mabuleki akhoza kuwira. Fungo limayamba, kenako umaponda koma galimoto osamvera, kenako chopondera chimafewa n'kumalowa pansi. Za kupulumutsa mafutazo n'zabodza pa magalimoto ambiri a masiku ano: ukachotsa phazi pa moto galimoto ili m'giya, injini imadula yokha mafuta, pamene pa nyutulo imafunikabe mafuta kuti isazime. Kuzimitsiratu injini ndiye koipitsitsa, chifukwa buleki ndi chiwongolero zonse zimalimba.

Mankhwala ake ndi akalekale: tsikani ndi giya imene mukanakwera nayo phiri lomwelo, ndipo muilowetse musanayambe kutsika. Pa otomatiki, chotsani pa D muike pa 2 kapena L, kapena pa S kapena B malinga ndi zimene zalembedwa pa galimoto yanu. Buleki muziiponda mwamphamvu pang'ono n'kuisiya kuti ipume. Mukamva fungo, imani pamalo abwino mudikire izizire.

Alipo amene adzatsutse kuti cholakwa chopha anthu chonchi sichingakhale pa 4. Ndikuwamvetsa. Koma phiri limachenjeza, limakupatsa mphindi ndi fungo, ndipo muyeso wathu ndi nthawi. Nenani zimenezi m'vidiyomo m'chiganizo chimodzi, musasinthe muyeso pakatikati pofuna kukondweretsa wotsutsa.

5. Nambala 3 ikhale yooneka ndi maso: kudalira magalasi osacheuka

Pakati pa vidiyo ndi pamene chala cha woonera chimayamba kuyabwa kuti apite pa ina. Ikanipo chionetsero chimene adzafune kuona mapeto ake.

Kwathu kuno timayenda kumanzere ndipo dalaivala amakhala kumanja, choncho mbali yamanzere ndi imene ili kutali ndi maso ake. Ndi mbali yomweyonso imene akabaza a njinga zakapalasa ndi zamoto amadutsa, pakati pa galimoto ndi mphepete mwa msewu. Pambali pa galimoto, chakumbuyo pang'ono, pali malo amene galasi silionetsa. Dalaivala watsopano amayang'ana pagalasi, saona kanthu, n'kukhotera kumanzere, kabaza ali pomwepo.

Kajambulidwe kake ndi aka. Imikani galimoto pabwalo. Wojambula akhale pampando wa dalaivala, foni ili pamene pamakhala maso, italoza pagalasi lamanzere. Mnzanu abwere ndi njinga kuchokera kumbuyo, atatalikira ndi galimoto ngati mamita awiri, akuyenda pang'onopang'ono. Adzaoneka pagalasi, kenako adzasowa, asanatulukire pawindo. Pamene wasowapo muuzeni aime. Musadule chithunzi: tembenuzani foni pang'onopang'ono monga mutu ucheukira, ndipo woonera adzapeza munthu wathunthu ndi njinga yake ali pambali pa chitseko chakumbuyo. Mukadula pamenepa, wina adzati mwachita matsenga a pa foni.

Ndondomeko yake ndi mawu anayi, ndipo muwalembe pachithunzi: galasi, indiketa, cheuka, khota. Izi n'zofunikanso ponyamuka pambali pa msewu, kungoti pamenepo umacheukira kumanja. Nthawi yokonza apa ndi masekondi awiri kapena atatu, popeza pokhota liwiro limakhala lochepa.

6. Nambala 2: kumatirira kumbuyo kwa minibasi

Watsopano amamatirira galimoto ya patsogolo pa zifukwa ziwiri. Amaopa hutala wa amene ali pambuyo pake, komanso amaona ngati kutsatira wina n'kotetezeka chifukwa winayo ndiye akuona njira. Koma minibasi imaima paliponse pamene kondakitala waona munthu wokweza dzanja, ndipo chifukwa ndi yaitali, imakutsekera zonse za kutsogolo.

Pano perekani nambala imodzi yokha. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, galimoto imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Munthu amatenga sekondi kapena kuposerapo kuti aone magetsi ofiira, amvetse, n'kusamutsa phazi. Ndiye kuti mamita 17 amatha buleki isanakhudzidwe n'komwe. Pabwalo paja, yezani mamita 17 ndi tepi, muike makatoni awiri, ndipo muonetse kuti pakati pake pangalowe ma Vitz anayi. Kenako onetsani mpata umene anthu ambiri amasiya, wokwana galimoto imodzi. Kusiyanako kudzalankhula kokha.

Mankhwala ake ndi kuwerenga. Galimoto ya patsogolo ikadutsa mtengo kapena chikwangwani, werengani masekondi atatu mosathamanga. Mukafika pamtengopo musanamalize, mwayandikira kwambiri. Kukagwa mvula, kapena pamsewu wafumbi, wonjezerani kawiri. Wina akalowa mumpata wanuwo, musapse mtima, bwererani m'mbuyo mupange wina.

7. Nambala 1 muipatse nthawi yokwanira: kuovateka osaona mokwanira

Apa ndiye pagona vidiyo yonse, ndipo ngati vidiyo ndi ya mphindi zisanu, gawo ili litenge mphindi imodzi ndi theka. Musangonena kuti kuovateka n'koopsa, chifukwa woonera anamva kale zimenezo. Chimene sanamve ndi kutalika kwa msewu umene kuovateka kumadya. Muwerengereni.

Tiyerekeze kuti muli pa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Patsogolo panu pali thiraki yokoka ngolo, yotalika mamita pafupifupi 20, ikuyenda pa 60. Inu mukufuna kuipitirira pa 80. Kusiyana kwa liwiro lanu ndi lake ndi makilomita 20 okha pa ola, kutanthauza kuti pa sekondi iliyonse mumaipeza ndi mamita asanu ndi theka basi. Muyenera kutseka mpata wa mamita 20 umene watsala kumbuyo kwake pamene mukutuluka mumzere, kudutsa thupi lake la mamita 20, ndi kupita patsogolo mamita ena 20 musanabwerere kumanzere. Onse pamodzi ndi mamita 60, ndipo zimenezi zitenga masekondi pafupifupi 11.

M'masekondi 11 amenewo, inu mwayenda mamita oposa 240 muli mbali ya eni ake. Basi yobwera kutsogolo pa 80 nayonso yayenda mamita oposa 240 kulunjika kwa inu. Choncho mukufunika msewu woonekera bwino, wopanda kanthu, wotalika pafupifupi theka la kilomita, ngati mabwalo asanu a mpira ataikidwa mondondozana. Ndipo apa sitinasiye mpata uliwonse wopumira, komanso tayesa kuti galimoto yanu yafika kale pa 80. Kagalimoto ka injini yaing'ono katanyamula anthu asanu ndi matumba a mbatata ya pa Lizulu, pachitunda, katenga nthawi yoposa pamenepa.

Chimene chimaika cholakwachi pa nambala 1 ndi ichi. Ukafika pakati pa thiraki n'kuona basi ikutulukira pachitunda, kumanzere kuli matayala, kumanja kuli ngalande kapena anthu oyenda pansi, kutsogolo sufikako, ndipo kubwerera kumafunanso masekondi amene ulibe. Pa zolakwa zina zija panali fungo, hutala kapena buleki yokupulumutsa. Apa chisankho chonse chinachitika usanatuluke mumzere wako.

Tchulani misampha itatu imene imakola atsopano. Woyamba ndi kutsatira galimoto ina imene ikuovateka: iye akuona kutsogolo, inu mukuona msana wake, ndipo mpata umene wamukwana iye sukwana awiri. Wachiwiri ndi kudalira indiketa ya woyendetsa thiraki yokuuzani kuti dutsani. Mwina akufuna kukuthandizani, koma sadziwa mphamvu ya galimoto yanu, ndipo mwina akungofuna kukhota. Wachitatu ndi manyazi, pamene magalimoto andandana pambuyo panu ndipo okwera nawo ayamba kunena kuti “apatu tifika mawa.” Muuzeni woonera mosapita m'mbali: pakona, pachitunda, pamlatho, pamphambano, pamalo a malonda ndi pamene mzere woyera wapakati sunadukeduke, osatuluka. Ndipo ukakayika, yankho lapezeka kale, khala kumbuyo.

Gawo limeneli musalijambule pamsewu ngakhale pang'ono. Ife tinajambula msewu pamchenga, tinabwereka magalimoto a mawaya kwa ana a pafupi, katoni yaitali n'kukhala thiraki. Kamera inali pamwamba, ndipo anthu atatu ankasuntha magalimotowo pamene wina ankawerenga kuchoka pa 1 kufika pa 11. Woonera amaona ndi maso ake mpata ukutha.

8. Lumikizani nambala iliyonse ndi yotsatira

Pamapeto pa gawo lililonse nenani nthawi imene yatsala, ndipo muilembe pakona yomweyomweyo ya chithunzi: miyezi, mphindi, masekondi atatu, sekondi imodzi, palibe. Mawu asanu amenewa ndiye msana wa vidiyo. Chiganizo cholumikizira chikhale chachifupi, monga: “Phiri linakupatsani mphindi. Kabaza uyu akupatsani masekondi atatu.”

Musaulule nambala 1 koyambirira, koma musanamenso. Kulonjeza kuti “nambala 1 ikudabwitsani” kenako n'kupereka chinthu wamba kumachotsa chikhulupiriro. Mawu otsegulira oona akhoza kukhala akuti: “Zolakwa zisanu izi ndaziyala potengera nthawi imene mumatsala nayo kuti mudzipulumutse. Chomaliza sichikusiyirani ngakhale sekondi.” Moni wautali ndi mbiri ya sukulu yanu muziike kumapeto.

9. Pojambula ndi polumikiza

Amene akuyendetsa sajambula ndipo salankhula ndi kamera. Zithunzi za msewu atenge wokhala pampando wa pambali. Manambala a magalimoto a eni ndi nkhope za anthu odutsa muzibise, ndipo zithunzi za ngozi zenizeni musaziikemo: amene ali mmenemo ndi abale a anthu ena, ndipo woonera amangokumbukira magaziwo, phunziro osalitola.

Mawu muwajambule padera. Malo abwino ndi m'galimoto yoima, mawindo atatsekedwa, injini itazima, chifukwa mipando imameza phokoso. Pabwalo mphepo imawononga mawu ngakhale inu simukuimva. Ambiri adzaonera pa foni yaing'ono, ena m'minibasi mawu atatseka, choncho manambala ndi mawu ofunika muwalembe ndi zilembo zikuluzikulu, chapakati pa chithunzi, chifukwa m'munsi ndi m'mbali mumaphimbidwa ndi mabatani. Ganiziraninso bandulo ya woonera: mphindi zisanu zikwanire. Mukafuna tizidutswa ta TikTok kapena WhatsApp, gawo lililonse likhoza kuima palokha, bola muyambe mwanenanso muyeso uja.

10. Iyeseni pa anthu awiri musanaitulutse

Woyamba akhale dalaivala wakale kapena mphunzitsi wa galimoto, woti agwire cholakwa chilichonse pa zimene mwanena. Chilichonse chokhudza malamulo, monga liwiro lololedwa kapena tanthauzo la mzere, muchitsimikize m'buku la malamulo a pamsewu musanachinene, ndipo ngati vidiyo ikaonedwanso ku Chipata kapena ku Tete, kumbukirani kuti mbali yoyendera ndi yomweyi koma manambala a malamulo akhoza kusiyana.

Wachiwiri akhale amene watenga layisensi posachedwa. Mupatseni foni ndipo musalankhule, muziyang'ana nkhope yake ndi chala chake. Pamene wayang'ana kumbali, gawo limenelo latalika, lidulidwe. Akamaliza, dikirani pang'ono, kenako mum'funse kuti atchule zisanuzo motsatana komanso chifukwa chake kuovateka kuli pa nambala 1. Mtsikana amene tinamuyesa ife poyamba anasinthanitsa 3 ndi 2. Titabwerera tinapeza kuti pa gawo la kabaza tinaiwala kulemba nthawi pakona paja, choncho tinailemba n'kuyesanso pa munthu wina.